Tsiku lolipira likagwera pa holide, musathamangire kunena kuti "tizalipira Mande"

Pali mtsikana wina amene tidziwana naye, ali ndi kashopu ka mafoni ndi machaja pafupi ndi Intercity, mbali ya msewu wa Dedan Kimathi. Anatenga nkhongole ku kakampani kena kobwereketsa ndalama kuti aonjezere katundu, ndipo mwezi uliwonse pa 5 amabweza K1,500. Mu Julayi 2025, pa 5 panali pa Chiweru. Iye anachita masamu amene ambiri a ife timachita: ofesi yawo ndi yotseka, ndiye kuti ni Mande. Koma Mande ija, pa 7, inali holide yokumbukira ngwazi za dziko, ndipo Chiwiri pa 8 inali holide ya umodzi. Anakondwera kuti wapeza masiku anayi aulere, ndalama ija anayamba wayizungulutsako mu bizinesi. Pa Chitatu pa 9 anapita kukalipira m'mamawa, mtima uli m'malo. Anamuuza kuti wachedwa masiku anayi, ndipo pepala limene anasaina linati tsiku lililonse lochedwa ndi K50. Anasiyako K200 yapamwamba, phindu la machaja angati?

Atatifotokozera, tonse tinayamba ndi kukalipa kuti am'bera. Koma titakhala pansi ndi kuwerenga pepala lija, tinapeza kuti palibe mzere uliwonse wokamba za Chiweru, Sondo kapena holide. Linangoti pa 5. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: holide yaitali imene anaiona ngati mphatso ndiyo inamudya.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa. Mu Zambia, kusuntha kwa tsiku lolipira si ufulu wa munthu aliyense pa bilu iliyonse. Kulipo, koma kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi opapatiza kuposa mmene timaganizira. Amene sadziwa kumene malirewo ali, tsiku lake lenileni ndi tsiku la nchito lomaliza holide isanayambe. Tiyeni tione chifukwa chake.

Chikhulupiriro chakuti "ikagwa pa Sondo ni Mande" sichinachoke kumwamba. Chili m'lamulo lotchedwa Interpretation and General Provisions Act, limene ndi Chaputala 2 cha malamulo a Zambia. Gawo 35 la lamuloli ndilo lifotokoza kawerengedwe ka masiku. Likamba kuti ngati chinthu chiyenera kuchitika pa tsiku lakuti, ndipo tsikulo lagwera pa Sondo kapena pa holide ya boma, ndiye kuti amene wachichita pa tsiku lotsatira, limene si Sondo kapena holide, sanachedwe. Mpaka apa zikumveka bwino.

Koma muone zinthu ziwiri. Choyamba, lamuloli litchula Sondo ndi holide ya boma chabe. Chiweru mulibe. M'maso mwa Chaputala 2, Chiweru ndi tsiku wamba ngati Chitatu, ngakhale kuti maofesi ambiri a boma amakhala otseka. Chachiwiri, gawoli linalembedwera masiku amene aikidwa ndi malamulo a dziko. Silinalembedwere pangano la inu ndi alandilodi a ku Kabwata, kapena la inu ndi okubwereketsani ndalama, kapena la chilimba chanu cha ku Chelstone. Mtsikana wathu uja anagwa pawiri: tsiku lake linali Chiweru, ndipo bilu yake inali ya pangano, osati ya lamulo.

Ndiye funso loyamba pamene mwagwira bilu m'manja si lakuti, "Kodi tsikuli ni holide?" Funso loyamba ndi lakuti, "Kodi tsikuli analiika ndani?" Mayankho ake ndi atatu chabe, ndipo yankho lililonse lili ndi njira yake.

Pali masiku oikidwa ndi lamulo. Awa ndi amene akhudza achinyamata amene analembetsa bizinesi kapena ali ndi wanchito. Msonkho wa PAYE ndi zopereka za NAPSA zimafunika pofika pa 10 mwezi wotsatira. Msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono, uja wowerengedwa pa zonse zimene mwagulitsa, umafunika pofika pa 14. VAT imafunika pofika pa 18. Tengani chaka cha 2025 chomwecho. Pa 18 Epulo panali pa Chisanu Choyera. M'mawa mwake Chiweru Choyera, chimene kuno kwathu ndi holide ya boma. Kenaka Sondo ya Isitala, kenaka Mande ya Isitala. Mukatsatira gawo 35, mulumpha masiku onse anayi, ndipo tsiku loyamba losalumphidwa ndi Chiwiri pa 22 Epulo. Apa kusuntha n'kwenikweni, ndipo n'kwakutali.

Manje onani mwezi wotsatira. Pa 10 Meyi 2025 panali pa Chiweru wamba. Palibe holide, palibe Sondo. Amene anadikira Mande pa 12 ali ndi wanchito mu saluni kapena mu kantemba, gawo 35 silimuteteza. Pa 10 Ogasiti 2025 panali pa Sondo, ndipo apo lamulo limutengera ku Mande pa 11. Wikendi ndi wikendi kwa ife, koma kwa lamulo masiku awiriwa si ofanana. Ndipo kuchedwa ku NAPSA kuli ndi mtengo wake. Wanchito wolandira K2,000, zopereka zake ndi K100 yochoka kwa iye ndi K100 yochoka kwa bwana, pamodzi K200. Chilango chochedwa chinatsitsidwa kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 10 peresenti pamwezi, ndiye kuti K20 pa wanchito mmodzi. Ioneka yaing'ono, koma siima pamenepo ngati simunalipire, ndipo anchito akakhala asanu mumva kuwawa.

Ngakhale pamene lamulo lili kumbali yanu, ife sitikulangizani kutsamirapo ndi thupi lonse. Masiku ano misonkho imalipiridwa pa intaneti, ndipo chilango chimalembedwa ndi kompyuta. Ikakulemberani chilango pamene inu muona kuti simunachedwe, muli ndi pokambira, inde, koma muzafunika kulemba kalata, kupita ku ofesi, kudikira yankho, shopu ili yotseka. Kukhala wolondola n'kwabwino, koma kuli ndi mtengo wa basi. Gawo 35 lisungeni ngati ambulera ya tsiku la mvula, osati ngati denga la nyumba.

Mtundu wachiwiri ndi masiku oikidwa ndi pangano: renti, nkhongole ya ku banki kapena ya pa foni, katundu wotenga n'kumalipira pang'onopang'ono, fizi ya ku koleji, chilimba. Apa lamulo lanu ndi pepala limene munasaina, kapena mawu aja a pa sikirini amene munavomereza musanawerenge. Fufuzani mmenemo mawu akuti `business day` kapena `working day`. Mapangano ena amati tsiku likagwera pa wikendi kapena holide, mulipire tsiku la nchito lotsatira. Ena amakamba zosiyana kotheratu: mulipire tsiku la nchito la m'mbuyo mwake. Amene ali ndi pangano lotere, bilu ya pa 5 Julayi 2025 inafunika pa Chisanu pa 4. Ndipo mapangano ambiri a m'makomboni ndi a tumakampani tating'ono sakamba chilichonse. Pepala likakhala chete, tengani tsikulo mmene lalembedwera. Pa 5 ndi pa 5.

Ena azati, "Nanga tingalipire bwanji ofesi ili yotseka?" Kale funsoli linali ndi mphamvu. Makolo athu ankafunika kuima pa mzere ku tauni ndi ndalama m'thumba, ndipo chitseko chikatsekedwa panalibe njira ina. Lero wokubwereketsani azakuyankhani kuti nambala ya mobayilo mane inali yotseguka usiku ndi usana. Foni imene yatipeputsira moyo ndi yomweyo imene yatilanda chodzikhululukira.

Mtundu wachitatu si tsiku lolipira n'komwe, koma tsiku lothera. Mayunitsi a ZESCO akatha, malaiti amazima, kaya ni Khirisimasi. Tchanelo za pa TV zimaduka tsiku lake likakwana. Inshuwalansi ya motoka ndi msonkho wa pamsewu zili ndi tsiku lolembedwa pa kapepala kaja ka pagalasi, ndipo likadutsa ladutsa. Mnyamata woyendetsa takisi kutenga anthu pa Intercity kupita nawo ku Woodlands kapena Kabulonga, ngati inshuwalansi yake inatha pa Sondo ndipo wagunda motoka ya wina pa Mande ya holide, sangauze munthu kuti anali kudikira Chiwiri. Pa Mande imeneyo analibe inshuwalansi. Zinthu zothera sizisuntha, chifukwa palibe chimene mwauzidwa kuchita pa tsikulo; chinthu chimene munagula changofika pamapeto ake.

Mukadziwa mtundu wa bilu yanu, chotsatira ndi kudziwa kalenda ya kuno kwathu, chifukwa ili ndi misampha yake. Holide ikagwera pa Sondo, Mande yotsatira imakhala holide. Ikagwera pa Chiweru, siisuntha, pokhapokha boma litalengeza tsiku lina mwapadera. Onani Okutobala 2026. Pa 18, tsiku la mapemphero a dziko, ndi pa Sondo, choncho Mande pa 19 ndi holide, ndipo chinthu cha lamulo chofunika pa 18 chifika pa Chiwiri pa 20. Koma pa 24, tsiku la ufulu wodzilamulira, ndi pa Chiweru, ndipo Mande pa 26 ndi tsiku la nchito monga mwa masiku onse. Mwezi umodzi, maholide awiri, machitidwe awiri.

Pali nyengo zitatu pachaka zimene ife tingati muzilembe ndi bolopeni yofiira. Isitala imatseka masiku anayi otsatizana, ndipo imasintha chaka ndi chaka. Sabata yoyamba ya Julayi ili ndi Mande yoyamba ya mwezi ndi Chiwiri chake, ndipo imeneyi ndi nthawi ya renti kwa ambiri. Ndiye kumapeto kwa Epulo: pa 28 tikumbukira a Kenneth Kaunda, pa 1 Meyi ndi tsiku la anchito, maholide awiri otsekereza mapeto a mwezi pamene malipiro ndi mabilu zimakumana. Malichi nayenso ali ndi pa 8 ndi pa 12, tsiku la amayi ndi la achinyamata, ndipo pa 10 pa PAYE ndi NAPSA pali pakati pawo.

Msampha wina uli m'mabilu amene satchula tsiku koma amati "lipirani m'masiku 7" kapena "m'masiku 14". Pa masiku a lamulo, gawo 35 likamba kuti tsiku limene chinthucho chachitika siliwerengedwa. Muyamba kuwerenga m'mawa mwake. Likambanso kuti Masondo ndi maholide a pakati amalumphidwa pokhapokha ngati nthawi yonse siipitirira masiku 6. Ikapitirira apo, masiku onse a pakati amawerengedwa, ndipo tsiku lomaliza lokha ndilo lingasunthe. Ndiye "masiku 14" si masiku 14 a nchito. Ndi masabata awiri a pa kalenda, basi.

Dziko lonse linaphunzira zimenezi mu 2016. Malamulo aakulu a dziko, mu Atikulo 269, ali ndi kawerengedwe kofanana ndi aka, kusiyana kwake n'kwakuti iwo amaphatikizapo Chiweru pa masiku olumphidwa, mwina ndiye gwero lina la chisokonezo chathu. Chisankho chitachitika pa 11 Ogasiti 2016, a Hakainde Hichilema ndi a Geoffrey Bwalya Mwamba anapereka dandaulo lawo ku khoti ya malamulo aakulu pa Chisanu pa 19 Ogasiti. Mlanduwo unayenera kumvedwa m'masiku 14. Werengani kuyambira pa 20, osalumpha wikendi, mufika pa Chisanu pa 2 Sepitembala. Usiku wa Chisanu chimenecho khoti inanena kuti mlandu uzapitiriza pa Mande. Koma pa Mande pa 5 Sepitembala, oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti masiku 14 anatha kale, ndipo khoti ilibenso mphamvu yomva mlanduwo. Anthu akali kutsutsana za chigamulo chimenecho, ndipo ife sitilowamo. Chimene titengapo n'chakuti ngati mlandu wa mpando wa pulezidenti unathera pa kawerengedwe ka masiku, K1,500 yanu siizakhululukidwa chifukwa munthu wa pa kauntala anakuuzani pakamwa kuti "bwerani Mande".

Chatsala chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ngakhale anthu osamala: kutumiza si kufika. Wolandira amawerenga tsiku limene ndalama yalowa kwa iye, osati limene yachoka kwa inu. Mobayilo mane imafika nthawi yomweyo ngati netiweki ili bwino. Koma njira ija yanthawi zonse yotumizira ndalama kuchoka ku banki ina kupita ku banki ina imadutsa m'makina oyenda masiku a nchito, ndipo banki iliyonse ili ndi ola lake lotsekera. Tiyerekeze kuti mtsikana uja akanachita mwanzeru n'kutumiza pa Chisanu pa 4 Julayi, koma madzulo, ola lotsekera litadutsa, ndi njira imeneyi. Pa foni yake ndalama ikanaoneka kuti yachoka. Koma ikanatha kugona m'njira Chiweru, Sondo, Mande ndi Chiwiri, n'kukafika pa Chitatu pa 9, tsiku lomwe lija anapita ndi miyendo yake. K200 ikanamupezabe.

Mungadziwe bwanji? Musanatinike batani lomaliza, onani ngati apu ya banki ikukamba kuti ndalama ifika nthawi yomweyo kapena tsiku lotsatira la nchito. Mukatumiza, musakhutire ndi meseji ya banki yanu. Funsani lisiti kwa wolandira, kapena onani ngati nkhongole yanu yatsika. Ndipo lembani bwino nambala ya akaunti kapena ya bilu pa malo ake, chifukwa ndalama yofika yopanda dzina imakhala pambali mpaka munthu atabwera ku ofesi kuzaiyang'ana, ndipo munthuyo ali pa holide.

Tidziwa chimene ena mukunena mumtima: "Zolipira msanga n'za anthu a ndalama. Ife malipiro amabwera mochedwa, ndipo holide yomweyo imachedwetsanso malipirowo." N'zoona, ndipo sitizakunamizani kuti kuwerenga kalenda kumabala ndalama. Koma kumakupatsani chinthu china: nthawi yokamba. Amene waona pa 25 Juni kuti pa 5 Julayi ndi Chiweru chotsatiridwa ndi maholide, angalembere alandilodi kuti, "Amayi, malipiro athu azalowa pa Chitatu pa 9 chifukwa cha holide, kodi mungatilole kulipira tsiku limenelo?" Akayankha kuti inde pa meseji, sungani mesejiyo, chifukwa tsiku lanu lasunthadi, ndipo muli ndi umboni. Amene wayamba kukamba pa 8, foni italira kale katatu, sapempha chilolezo, apempha chifundo. Safunsa anadya phula. Ndipo pamene mutenga nkhongole yatsopano kapena kulowa m'nyumba yatsopano, pemphani tsiku lolipira likhale masiku angapo pambuyo pa malipiro anu, osati tsiku lomwelo.

Komanso sitifuna kuti katundu yense agwere pa wolipira. Amene amalemba mapangano amadziwa bwino kuti pa 5 pazagwera pa wikendi kangapo m'chaka. Kusiya pepala lili chete pa nkhaniyi, kenaka n'kumatolera chilango kwa anthu amene anaganiza monga aganizira munthu aliyense, si chilungamo ngakhale kuti pepala liwalola. Mzere umodzi ndi wokwanira: tsiku likagwera pa wikendi kapena holide, lipirani pa tsiku lakuti. Meseji yokumbutsa nayo itchule dzina la tsiku, osati nambala chabe: "Chiweru pa 5 Julayi, ofesi yotseka, lipirani pa foni." Alandilodi, makoleji, obwereketsa ndalama ndi asungichuma a chilimba, izi sizikudyerani ngwee. Ndipo ife olipira tili ndi ufulu wofunsa funsoli tisanasaine, n'kupempha kuti yankho lilembedwe pa pepala lomwelo.

Mtsikana wa pa Intercity uja K200 yake siinabwerere. Koma anachita chinthu chimene ife tonse tatengerako. Anatenga kalenda ya pakhoma, ija yopatsidwa ku shopu ya mahadiweya, n'kuzunguliza pa 5 pa mwezi uliwonse mpaka nkhongole ithe. Paliponse pamene pa 5 panagwera pa Chiweru, pa Sondo kapena pa holide, anajambula muvi wobwerera m'mbuyo kufika pa tsiku la nchito, n'kulemba kuti "m'mawa". Mu Okutobala 2025, pa 5 panali pa Sondo. Iye analipira pa Chisanu pa 3, isanakwane 10 koloko, ndipo lisiti analiika mu kabokosi ka machaja.